Chovala cha Thonje Chikafupika Pochapa: Madzi, Simbi Kapena Telala?

Chovala cha thonje chimene chafupika kapena kuthina chitachapidwa sichikhala kuti chatheratu, koma njira zimene anthu amalangizana pofuna kuchibwezeretsa sizithandiza mofanana, ndipo zina zimangotha nthawi ndi ndalama. Zimene zili zoyenera kuziganizira mofatsa ndi zinayi: kuchiviika m'madzi ofunda n'kuchikoka chili chonyowa, kuthira kondishona wa tsitsi m'madzi oviikamowo, kuchisita ndi nthunzi uku chikukokedwa, ndiponso kupita nacho kwa telala. Zitatu zoyambazo zimabweza gawo chabe la zimene zatayika, ndipo zimabweza mongoyembekezera, chifukwa chovalacho chikalowanso m'madzi chimafuna kubwerera pa msinkhu wake waufupi uja. Telala yekha ndiye amene ntchito yake imakhalitsa, koma iyenso amatha kuthandiza pokhapokha ngati pali nsalu yoti agwiritse ntchito. Choncho munthu asanasankhe njira ayenera kudziwa mtundu wa nsalu imene ali nayo ndi mbali imene yachepa.

Chimene chimachitika mu nsalu

Nsalu ya thonje imakokedwa kuyambira pa chiyambi pomwe. Popota ulusi kufakitale ulusiwo umakhala wokokedwa, poomba nsalu ulusi woyenda m'litali umakhala womangika zolimba pa makina, ndipo poinyika mu utoto, poiumitsa ndi poikulunga nsaluyo imakokedwabe m'litali. Ikamafika pa sitolo imakhala yaitali kuposa momwe ikanakhalira ikanasiyidwa payokha. Ikangolowa m'madzi, thonje limamwa madzi n'kufufuma, ulusi umanenepa, ndipo ulusi uliwonse umayenera kupindika kwambiri podutsa pamwamba ndi pansi pa unzake wonenepawo. Kupindikako ndiko kumadya utali. Nsalu ikauma ulusi umaphwa, koma subwereranso pokokedwa paja, chifukwa palibenso makina oukoka.

Zimenezi zikutanthauza kuti chovala chofupikacho ndicho chili pa msinkhu wake weniweni, ndipo chija munagulacho chinali chokokedwa. N'chifukwa chake kufupika kwakukulu kumachitika pochapa koyamba, n'kumachepa pochapa kachiwiri ndi kachitatu, kenako n'kuima. N'chifukwa chakenso nsalu yoombedwa, monga chitenje kapena nsalu ya malaya a kusukulu, imafupika kwambiri m'litali kuposa m'lifupi. Nsalu ya thonje imene sinakonzedwe kufakitale kuti isafupike ikhoza kutaya mpaka magawo 10 pa 100 a utali wake, pamene imene inapanikizidwiratu pa makina, njira imene Sanford Cluett wa ku America anaiyambitsa cha mu 1930, sitaya zoposa gawo limodzi pa 100.

Nsalu yolukidwa, imene amapangira matisheti ndi malaya amkati, ili ndi khalidwe lina. Iyo ndi timagoli ta ulusi tolowana, ndipo timagoli timeneti tikamasuka timasiya kukhala tatitali n'kukhala tozungulira. Tisheti imafupika m'litali, koma nthawi zambiri imatambasuka pang'ono m'lifupi, moti mwini wake amadabwa kuti mchombo ukuonekera pamene m'mbali mukulendewera. Nsalu yotereyi ndiyo imamvera kwambiri ikakokedwa ili yonyowa.

Apa mpofunika kusiyanitsa thonje ndi ubweya wa nkhosa, chifukwa malangizo ambiri amasakaniza ziwirizi. Juzi ya ubweya ikachapidwa m'madzi otentha n'kufikisidwa, timamba ta pa ubweyawo timakolana n'kusanduka chinsalu cholimba, ndipo zikatero kuibweza n'kovuta kwambiri. Thonje lilibe timamba totero, ndipo limakhala lolimba kwambiri likanyowa kuposa likauma, choncho kulikoka lili lonyowa sikuliwononga. Chimene chimaduka munthu akakoka mopitirira muyeso ndi ulusi wa m'misoko, ndipo chimene chimang'aluka ndi zithunzi kapena malemba opakidwa pa chifuwa pa tisheti.

Musanachite china chilichonse, tengani tepi ya telala muyeze. Yalani chovalacho pa tebulo, muyeze kuchokera pa phewa mpaka pa mpendero, kuchokera m'khwapa imodzi kufika m'khwapa ina, ndiponso utali wa mkono. Kenako yezani chovala china chimene chimakukwanani bwino, kuti mukhale ndi manambala oti mulondole. Popanda muyeso munthu amakoka mongoganizira, mbali imodzi imatalika kuposa inzake, ndipo mpendero umatuluka wokhota.

Madzi ofunda ndi manja

Njira iyi ndiyo yoyenera kuyamba nayo chifukwa silira ndalama ndipo ikalephera siwononga kanthu. Thirani m'beseni madzi ofunda, oti dzanja likhoza kukhalamo osamva kuotcha, n'kumiza chovalacho chonse kwa mphindi 20 kapena 30 kuti ulusi unyowe mpaka mkati. Mukachivuula musachipotokole. Chifinyeni pochipanikiza ndi manja pa khoma la beseni, kenako chiyaleni pa thaulo louma, mukulunge thaulolo pamodzi ndi chovala, n'kulipanikiza kuti limwe madzi. Chovala chizituluka chili chonyowa koma chosadontha.

Kukoka kwake ndiye kumafuna kudekha. Musagwire pa kolala ndi pa mpendero n'kukoka kamodzi ndi mphamvu, chifukwa pamenepo chimene chimatambasuka ndi khosi, limene silibwereranso. Yalani chovalacho pa tebulo, ikani chikhatho chimodzi pansi pa phewa kuti chigwire nsalu, ndipo ndi dzanja linalo kokerani pansi pang'onopang'ono, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, kuyambira mbali imodzi mpaka kukafika mbali inayo. Misoko ya m'mbali muikoke payokha, poigwira ndi zala mbali zonse ziwiri, ndipo mukamva ulusi ukulira mulekere pomwepo. Bwerezani kawiri kapena katatu, mukuyeza ndi tepi, mpaka mufike pa nambala imene mukufuna kapena nsalu ikane kupitirira. Kenako tsamikani zinthu zolemera m'mphepete mwake, monga mabotolo a madzi kapena mabuku okulungidwa mu pulasitiki, kuti chiume chili pa muyeso umenewo. Chikafika pouma theka, chikokeninso, chifukwa nthawi imeneyi ndi imene nsalu imayamba kubwerera.

Pali chinthu chimodzi chimene munthu wa kuno sayenera kuchiiwala poyanika chovala chogoneka. Chovala chonyowa chikayalidwa pansi, pa udzu kapena pa mchenga wa pamthunzi, makamaka nyengo ya mvula, ntchentche ya mphutsi ikhoza kuikirapo mazira, ndipo mphutsizo zimalowa pa khungu la wovala. Choncho yalani pa tebulo kapena m'nyumba modutsa mphepo, ndipo ngati chauma panja chisiteni mbali zonse, makamaka m'misoko, chisanavalidwe.

Ena amakonda kukoloweka chovala chonyowa pa chingwe n'kupanira zolemera kumunsi kwake kuti chidzikoke chokha. Pa thalauzi kapena siketi ya nsalu yoombedwa zimathandizako, ngati zolemerazo zagawidwa mofanana. Pa tisheti ndimaona kuti zimaipitsa, chifukwa pamene pali zopanira pamatuluka nsonga ndipo mpendero umasanduka mafunde.

Kodi kondishona amaonjezera chiyani?

Malangizo ofala amati muthire supuni imodzi yaikulu ya kondishona wa tsitsi kapena shampu wa ana mu lita imodzi ya madzi, kenako muchite zonse monga tafotokozera. Kondishona amaterereretsa ulusi, moti umatsetsereka mosavuta pa unzake, ndipo nsalu yokhuthala kapena imene yauma gwa chifukwa cha sopo wotsalira imakokeka mofewa. Phindu lake ndi lomwelo. Iye satalikitsa thonje ndipo samanga ulusi pa malo ake atsopano, choncho amene amabweza utali ndi madzi ndi manja anu basi.

Alinso ndi zovuta zake. Mukapanda kumutsukuluza, amasiya mafuta ochepa pa nsalu amene amakola fumbi ndiponso amachepetsa mphamvu ya thonje yomwa thukuta, ndipo pa nsalu yoyera kapena yopyapyala akhoza kusiya mawanga ngati sanasungunuke bwino m'madzi chovala chisanalowe. Mukati mumutsukuluze mutakoka kale, ndiye kuti mwanyowetsanso nsalu ndipo ntchito yonse yabwerera pambuyo. Dongosolo labwino ndi kuviika, kutsukuluza mopepuka m'madzi ozizira, kenako n'kukoka. Maganizo anga ndi akuti pa tisheti yopyapyala kondishona ndi wosafunika, koma pa juzi ya thonje yolukidwa mokhuthala kapena pa thalauzi yolimba ndi wothandiza ngati alipo kale pakhomo. Kukagula botolo lonse chifukwa cha chovala chimodzi n'kuwononga ndalama. Viniga, amene enanso amamutchula, amathandiza kuchotsa sopo wotsalira kuti nsalu ifewe, koma pa nkhani ya utali palibe chimene amachita.

Simbi ndi nthunzi

Pa nsalu yoombedwa, manja okha amabweza zochepa, chifukwa ulusi wake ndi wowongoka kale ndipo ulibe timagoli toti titambasuke. Apa simbi imaposa njira ziwiri zija. Thonje limapirira moto waukulu: chizindikiro cha simbi yokhala ndi madontho atatu pa kansalu ka malangizo chimatanthauza kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, pamene madontho awiri ndi pafupifupi 150 ndipo limodzi ndi pafupifupi 110. Chovala chizikhala chonyowa pang'ono, kaya chifukwa chachotsedwa pa chingwe chisanaumitsitse kapena chawazidwa madzi n'kukulungidwa kwa kanthawi kuti chinyezi chifalikire. Dzanja limodzi likoke nsalu kutsogolo kwa simbi, ndipo simbi itsatire pambuyo pang'onopang'ono mpaka malowo aume ali chikokedwere. Kuuma ali chikokedwereko ndiye chinsinsi chake, chifukwa thonje limasunga maonekedwe amene laumira mpaka litanyowanso.

Ubwino wa simbi ndi wakuti imalunjika pa malo amodzi. Kawirikawiri malaya a kolala sachepa paliponse mofanana: chimene chimavuta ndi kolala imene batani lake lakana kutseka, mkono umene wafupika, kapena mzere wa mabatani umene wakwinyika. Kolala muivundukule, muigwire kumapeto, muisite kuchokera pakati kupita kunja uku mukukoka, ndipo theka la sentimita kapena sentimita imodzi imene ingapezeke pamenepo nthawi zambiri imakwanira kuti batani litseke. Amene amagwiritsa ntchito simbi ya makala akhoza kupeza nthunzi poyala kansalu koyera konyowa pamwamba pa chovala n'kusita pamwamba pake, ndipo kansalu komweko kamateteza ku phulusa ndi kupserera.

Simbi ili ndi malire awiri. Ngati chovala chili ndi ulusi wa mphira wotanuka, monga majinzi ambiri othina a masiku ano, moto waukulu umapha mphirayo ndipo maondo ndi kumbuyo kumasanduka matumba osabwerera. Ndipo pa tisheti simbi isakhudze malemba opakidwa, komanso isayendetsedwe uku ndi uku, chifukwa imatambasulira nsalu m'lifupi, kumene kwakula kale.

Jinzi ya thonje lokhalokha ndi nkhani yapafupi. Imathina m'chiuno ndi m'ntchafu nthawi iliyonse ikachapidwa, ndipo imamasuka yokha ikavalidwa kwa maola angapo. Ngati yakana kutseka, iwazeni madzi ofunda pa lamba wa m'chiuno, muivale, muyendeyende ndi kunjuta kangapo. Utali wa miyendo wokha ndi umene subwerera povala, ndipo umafuna kukokedwa jinziyo ili yonyowa.

Telala

Pamene njira za madzi ndi moto ziyenera kubwerezedwa nthawi iliyonse chovala chikachapidwa, telala amakonza kamodzi. Chimene angathe chimadalira zimene zili kuseri kwa chovalacho, choncho chitembenuzeni muone. Ngati mpendero unapindidwa masentimita 4 kapena 5, akhoza kuumasula n'kutsitsa masentimita 2 kapena 3. Ngati kuseri kwa misoko ya m'mbali kunatsala nsalu, akhoza kusunthira msoko kunja. Masamu ake amadabwitsa ambiri: kusuntha msoko ndi theka la sentimita kumapereka sentimita yathunthu pa msokowo, popeza pali nsalu yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo misoko iwiri ya m'mbali imapereka masentimita 2 kuzungulira thupi. Kusuntha batani la pa kolala kapena pa mkono ndi ntchito ya mphindi zochepa imene munthu angachite yekha ndi singano.

Zovala zosokedwa ndi atelala athu nthawi zambiri zimakhala ndi nsalu yotsala m'misoko, ndipo zimenezi zimapulumutsa madiresi ambiri. Zovala za kufakitale ndiye zimaumira: tisheti ilibe nsalu yotsala ngakhale pang'ono, ndipo malaya ambiri ogula osokasoka ali ndi misoko yopindidwa n'kusokedwa kawiri imene singamasulidwe. Pa zoterezi chotsala ndi kulowetsa kansalu kena m'mbali kapena kulumikiza mkombero kumunsi. Pa diresi kapena malaya a chitenje zimenezi zimaoneka ngati kapangidwe, makamaka ngati zidutswa za chitenje chomwecho zinasungidwa, koma pa malaya oyera a ku ofesi zimaoneka chigamba ndithu. Dziwaninso kuti mpendero ukatsitsidwa pa chovala chimene chavalidwa nthawi yaitali, pamene panali popindika pamatsala mzere wofwifwa umene simbi siichotsa. Pa chovala chimene changochapidwa kamodzi mzerewu sukhalapo, ndipo n'chifukwa chake kukonza msanga kuli bwino.

Koma kufulumirako kusafike poti mupite nacho chisanamalize kufupika. Chichapeninso kamodzi kapena kawiri monga momwe muzichichapira masiku onse, chiume osachikoka, kenako mupite nacho. Ndipo musachikoke kapena kuchisita mokoka tsiku limene mukupita kwa telala, chifukwa adzayeza nsalu yokokedwa, ndipo ikadzachapidwa misoko yake yatsopano idzakwinyika.

Zovala ziwiri, mayankho awiri

Tiyerekeze diresi ya chitenje cha thonje imene inasokedwa nsalu isanachapidwe, yokhala ndi layiningi ya poliyesitala ndi zipi kumbuyo. Posokedwa inali masentimita 100 kuchokera pa phewa kufika pa mpendero ndi masentimita 96 kuzungulira pa chifuwa. Itachapidwa yafika pa 95 m'litali ndi 94 pa chifuwa. Mwini wake akuona zinthu zitatu: diresi yakwera pamwamba pa mawondo, layiningi imene inali yofupikirapo ndi masentimita 2 tsopano ikusuzumira kumunsi ndi masentimita 3, ndipo zipi yapindikapindika ngati njoka pamsana. Ziwiri zomalizazi zili ndi gwero limodzi, lakuti poliyesitala ndi tepi ya zipi sizinafupike pamene chitenje chafupika.

Kuviika ndi kukoka, kenako kusita mokoka, kukhoza kubweza mwina masentimita 2 m'litali, ndipo zipi ingawongokeko pang'ono. Zimenezi n'zokwanira ngati diresiyo ikufunika mawa ku chinkhoswe ndipo nthawi yopita kwa telala palibe. Koma layiningi idzaonekerabe, ndipo pochapa kotsatira zonse zidzabwerera. Telala, mosiyana, adzamasula mpendero n'kutsitsa masentimita 3, zimene zifikitsa diresi pa 98, adzafupikitsa layiningi kuti ibisale, adzasuntha misoko ya m'mbali ndi theka la sentimita kuti pa chifuwa pabwerere pa 96, ndipo adzachotsa zipi n'kuisokereranso pa nsalu yofupikayo kuti igone bwino. Pa diresi imeneyi kondishona ndi kungotaya nthawi.

Tsopano tiyerekeze tisheti ya thonje imene inali masentimita 70 m'litali ndi 52 kuchokera m'khwapa kufika m'khwapa, imene itadutsa m'makina oumitsira yafika pa 65 m'litali ndi 53 m'lifupi. Telala alibe choti amasule. Koma nsalu sinapite kutali, yangosamukira m'lifupi ndi kukhuthala, ndipo kuiviika, kuikokera pansi ndi kuiumitsa ili yotsamikidwa kukhoza kuifikitsa pa 68 kapena kuyandikira 69, uku m'lifupi mukubwerera pa 52. Sentimita imodzi kapena ziwiri zotsalazo musalimbane nazo, chifukwa kuumiriza kumapyapyalitsa nsalu ndi kukhotetsa misoko. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse ikachapidwa iyenera kukokedwa pang'ono ili yonyowa isanayanikidwe, ntchito imene sitenga ngakhale mphindi ziwiri.

Ngati chovala chachepa ndi saizi yathunthu kapena kuposa, makamaka m'mapewa ndi m'khwapa, palibe njira mwa zinayizi imene ingachibweze bwino. Mapewa ndiwo amagwira chovala chonse, ndipo alibe nsalu yotsala. Chimenecho ndi bwino kupatsa wina amene chimukwana.

Kuti zisadzachitikenso

Kupewa kwakukulu kumachitika lumo la telala lisanakhudze nsalu. Nsalu ya thonje yogula pa mita kapena pa yadi iyenera kuchapidwa, kuumitsidwa ndi kusitidwa isanadulidwe, ndipo ichapidwe momwe chovalacho chidzachapidwire. Kungoinyowetsa pang'ono sikukwanira: iviikeni m'madzi ofunda kwa ola limodzi, muichape kuti sitachi ya kufakitale ichoke, iume, ndipo ngati nthawi ilipo mubwereze. Ambiri amakana kuchita zimenezi chifukwa amafuna kuti chovala chikaonekere pa mwambo chili ndi kuwala kwa nsalu yatsopano. Kuwalako n'kwa tsiku limodzi, ndipo amene akufunitsitsa ayenera kuuza telala kuti nsaluyo ndi yosachapa, kuti asiye mpendero waukulu ndi nsalu yokwanira m'misoko. Ngakhale atatero, vuto la layiningi ndi zipi lidzabwerabe.

Amene akusoketsa zovala zambiri pa nsalu imodzi, monga yunifolomu ya kwaya kapena ya ukwati, akhoza kuyesa nsaluyo kaye. Dulani chidutswa, mulembepo timizere tiwiri totalikirana masentimita 50 m'litali mwa nsalu ndi cholembera chosafufutika, muchape, muumitse, muyezenso. Mukapeza 47.5, ndiye kuti nsaluyo imataya magawo 5 pa 100, kutanthauza masentimita 10 pa mamita 2, kapena masentimita pafupifupi 27 pa mayadi 6. Nambala imeneyi ikuuzani kuchuluka kwa nsalu yoonjezera imene muyenera kugula. Si chitenje chilichonse chimene chili cha thonje, ndipo zambiri zotsika mtengo ndi za poliyesitala kapena zosakaniza, zimene sizifupika kwenikweni. Kuti mudziwe, solani tiulusi tingapo m'mphepete n'kutiyatsa mosamala: thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala imasungunuka n'kusiya kampira kolimba.

Pa zovala zogula zosokasoka, zatsopano za thonje lokhalokha zimene zikukwana ndendende m'sitolo zidzathina zikachapidwa, choncho ndi bwino kusankha zokhala ndi mpata pang'ono, makamaka m'litali ndi m'mikono. Pa mfundo imeneyi kaunjika ali ndi mwayi wake, chifukwa chovala chimene chinachapidwa kale kambirimbiri chinamaliza kufupika, ndipo momwe chikukukwanirani pamsika ndi momwe chidzakhalire.

Pochapa, anthu amaimba mlandu madzi otentha okha, koma zimene zimafupikitsa kwambiri ndi kutentha kophatikizana ndi kugubuduzika. Madzi otentha amafulumizitsa kumasuka kwa ulusi, ndipo n'chifukwa chake nambala ya pa chizindikiro cha beseni, kaya 30 kapena 40, iyenera kutsatidwa. Koma makina oumitsira zovala ndiwo amachita zoopsa, chifukwa amagubuduza nsalu ikamauma ndipo ulusi umapeza mpata wothithikana mpaka mapeto. Amene amachapa pa manja ndi madzi ozizira n'kuyanika pa chingwe sakumana kwambiri ndi vutoli kupyola pochapa koyamba, ndipo ambiri amalidziwa atapita ku Joni kapena ku Mangalande kumene nyengo yozizira ndi kuchepa kwa malo oyanikira zimawakakamiza kugwiritsa ntchito makinawa. Ngati palibe kuchitira mwina, ikani moto wochepa ndipo mutulutse zovala za thonje zikadali ndi kachinyezi, muzikoke, zimalizire kuuma pa hang'ala. Chizindikiro cha bwalo lili mkati mwa bokosi, chodulidwa ndi mtanda, chimatanthauza kuti chovalacho chisalowe m'makina oumitsira konse.

Dzuwa palokha silifupikitsa thonje, ngakhale limafwifwitsa utoto, ndipo chifukwa cha chimenecho zovala za mitundu ziyanikidwe zotembenuza. Chimene chimasintha maonekedwe a chovala pa chingwe ndi kayanikidwe. Malaya ndi diresi muzikutumule mwamphamvu kawiri kapena katatu, muwongole misoko, kolala ndi mzere wa mabatani ndi zala, kenako muyanike. Tisheti muipinde pa chingwe podutsa m'khwapa, kuti kulemera kwa madzi kukokere thupi lake pansi popanda kutambasula khosi, ndipo juzi ya thonje yolemera muiyale pa tebulo pamwamba pa thaulo, mutaiyeza ndi tepi kuti iume pa muyeso umene munalemba isanalowe m'madzi.